"Ikungoganiza": Momwe Mungasungire Moto wa Chibwenzi ndi Nthabwala Zanu Awiri

Chibwenzi chikafika miyezi inayi kapena isanu, pamagwa kachetechete kena kamene poyamba kunalibe. Simunayambane ayi, kungoti mafunso atha. Kwawo mukukudziwa, sukulu imene anaphunzira mukuidziwa, ndiwo zimene sadya mukuzidziwa, ngakhale nkhani ya mchemwali wake wovuta uja munaimva kawiri. Mauthenga a pafoni amene kale ankatalika ngati kalata tsopano angotsala "wadzuka bwanji", "wadya?" ndi "ugone bwino". Ambiri akafika apa amathamangira mphatso kapena kokadya kodula, ndipo thumba likalola palibe cholakwa. Koma pali china chimene anthu a miyezi isanu ali nacho, chimene a masabata awiri alibe: zimene mwaona limodzi. M'menemo ndi momwe mumatuluka nthabwala zoseka inu awiri nokha, zimene munthu wachitatu akazimva amangoti kukamwa yasa.

Anthu oseketsa anzawo pa zisudzo ali ndi luso lina. Amanena kanthu koyambirira, anthu n'kuseka, kenako amakasiya mpaka onse ataiwala. Chakumapeto, nkhani ili pena, amakatulutsanso mwadzidzidzi, ndipo phwete lachiwirili limaposa loyamba. Ine ndimakutcha kudzutsa nthabwala. Luso lomweli ndi limene tikambirane, koma oonerera anu ndi munthu mmodzi yekha.

Ndiyambe ndi yathu, chifukwa masitepe onse ndiwafotokozera pa iyo.

Unali mwezi wa Okutobala, chibwenzi chathu chili ndi miyezi inayi. Tinakwera minibasi ku Lilongwe kupita ku Salima, cholinga tikafike ku Senga Bay masana. Tili m'mapiri a ku Dowa, chakufupi ndi Chezi, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Dzuwa linali loswa mtengo. Mayi wina wa mwana kumbuyo anafunsa mokalipa ngati galimotoyo yawonongeka. Kondakitala, nkhope ili gwa, anayankha kuti, "Ayi amayi, sinawonongeke. Ikungoganiza."

Ine ndi bwenzi langa tinayang'anizana. Iye anabisa nkhope pa phewa langa, mapewa akugwedezeka. Minibasiyo inaganiza kwa ola lathunthu.

Choyamba: musaipeke, itoleni

Nthabwala ya anthu awiri sikhalira pansi kuiganiza. Mukayesa kupeka, imatuluka ngati ija yotumizidwa m'magulu a WhatsApp, yoti mnzanu waiona kale katatu. Imene imakhalitsa ndi yotola, ndipo malo amene imapezeka kawirikawiri ndi pamene zinthu zasokonekera pang'ono inu muli limodzi: galimoto yafa, mvula yakupezani pamsika, mwasochera pofuna nyumba ya ukwati, woperekera zakudya wabweretsa mbale ya eni. Masiku amene zonse zayenda bwino sasiya kanthu. Za kunyanja tsiku lija sindikumbukira zambiri, koma mawu a kondakitala ndikuwamva mpaka lero.

Ndiye ntchito yanu pa sitepe iyi ndi kutchera khutu basi. Chizindikiro chake n'chimodzi: nthawi imene nonse mwaseka pamodzi popanda wina kufotokozera mnzake chomwe chaseketsa. Mukaona zimenezo, gwirani mawu enieni amene anenedwa, osati nkhani yonse. Ngati mutu wanu sugwira, lembani m'foni madzulo omwewo, mzere umodzi. Zikumveka ngati zachibwana, koma mawu akasintha pang'ono chabe mchere wake umatha. Kondakitala akanati "ikupuma", sitikanaseka n'komwe. "Kuganiza" ndi kumene kunatipha, chifukwa kunapatsa chigalimoto chakutha chija ulemu wa mkulu wa bwalo.

Ofufuza anaziyesapo izi. M'chaka cha 2007, Doris Bazzini ndi anzake a pa yunivesite ya Appalachian State ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa maanja ndi zibwenzi 52. Ena anawauza kuti akumbutsane nthawi imene anaseka limodzi, ena nthawi imene aliyense anaseka payekha, ena nthawi zabwino chabe zopanda kuseka. Amene anakumbutsana za kuseka limodzi ndi amene pambuyo pake ananena kuti akukhutira kwambiri ndi ubale wawo. Phunziro lake kwa ife n'lakuti kukumbutsana kuti "unkaoneka bwino tsiku lija" ndi kukumbutsana kuti "ikungoganiza" si zinthu zolemera mofanana.

Chachiwiri: funsani kuti akulipira ndani

Nthabwala iliyonse ili ndi amene amailipira, ndiko kuti amene akusekedwa. Musanaisunge, onani kuti ndi ndani. Ya minibasi inali yabwino chifukwa wolipira anali minibasi. Ife tonse tinali mbali imodzi, okwera ovutika. Yachiwiri kukoma ndi imene wolipira ndi inu mwini woinenayo. Yoopsa ndi imene wolipira ndi mnzanu.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Sabata zingapo titabwerako ku Salima, iye anandiphikira koyamba, ndipo dzanja linalemera pa mchere. Tinaseka tonse, iye mwini n'kunena kuti ndiwozo zikanatha kuumitsa usipa wa dengu lonse. Ine ndinaona ngati ndatola ina. Ndinayamba kumutcha "a Mchere". Koyamba anaseka. Kachiwiri anamwetulira. Kachitatu, tili ndi anzanga awiri, anangoti "eee" n'kutenga foni yake. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti, "Uja ndinaseka chifukwa ndinachita manyazi. Iwe ukuona ngati ndinasangalala?"

Apa m'pofunika kumvetsa. Munthu akadziseka yekha pa cholakwa chake, nthawi zambiri akungodziphimba. Sanakupatseni chilolezo choti muzimuseka nazo mwezi wonse. Kwathu kuno timadziwa kuti kuseleulana kuli ndi eni ake. Msuweni atha kukunena kuti ndiwe waulesi, mutu ngati dzungu, pamaso pa anthu, iwe n'kumubwezera, onse n'kuseka, chifukwa chisuweni chinapereka ufulu umenewo musanabadwe. Ku Zambia Angoni ndi Abemba amachita chimodzimodzi mpaka pamaliro. Chibwenzi cha miyezi isanu chilibe ufulu wobadwa nawo ngati umenewo. Umamangidwa pang'onopang'ono, ndipo amene amaupereka ndi wosekedwayo.

Choncho pali zinthu zoti musatolepo nthabwala ngakhale mnzanu ataziseka yekha: thupi lake, kalankhulidwe ka kwawo, umphawi wa makolo ake, maphunziro amene sanamalize, ndi zibwenzi zake zakale. Jeffrey Hall wa pa yunivesite ya Kansas anasonkhanitsa mu 2017 zotsatira za kafukufuku 39 wokhudza anthu oposa 15,000. Anapeza kuti kukhala munthu wanthabwala pakokha sikuthandiza kwambiri. Chothandiza ndi nthabwala zimene awiriwo amapanga ndi kuseka limodzi, pamene zonyoza mnzako zimayendera limodzi ndi kusakhutira. "A Mchere" inali ya mtundu wachiwiriwu, ngakhale ine ndinkaiona ngati chikondi.

Chachitatu: ifupikitseni

Nkhani yonse ya minibasi imatenga mphindi zitatu kuifotokoza. Nthabwala ya awiri iyenera kukwana m'mawu amodzi kapena awiri, kapenanso m'kachizindikiro ka nkhope. Yathu inatsala "ikuganiza". Mukapeza kuti mukuyamba ndi "ukukumbukira tsiku lija tinkapita ku Salima…", ndiye kuti mukufotokoza mbiri, simukudzutsa nthabwala. Kukoma kwake kuli pakuti mnzanu amalize yekha m'mutu mwake. Inu mwangoponya liwu limodzi, iye waona dzuwa lija, mayi uja, ndi nkhope ya kondakitala, zonse m'kamphindi.

Chachinayi: isiyeni igone, muidzutsire kwina

Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndiponso pamene ambiri amalakwitsa. Akatola nthabwala amaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo kasanu, mawa kasanu, mpaka Lachisanu yatha ngati chingamu. Chitani ngati mmene agogo ankasungira moto: madzulo ankaukwirira ndi phulusa, m'mawa n'kungofukula khala limodzi. Tsiku loyamba sekani mmene mungathere, palibe vuto. Kenako isiyeni. Mwa kuona kwanga, sabata imodzi kapena ziwiri ndi nthawi yabwino yodikira musanaidzutse koyamba. Pakhale patapita nthawi yoti mnzanu sakuiyembekezera, koma osati yoti n'kufunsa kuti "ukutanthauza chiyani?"

Kudikira kokha sikokwanira. Nthabwala iyenera kudzukira pamalo ena, osati pomwe inabadwira. Mukakweranso minibasi ina, iyonso n'kufa, n'kunena kuti "ikuganiza", mnzanu amwetulira chabe, chifukwa nayenso anali ataganiza kale zomwezo. Funani chinthu chosiyana ndi minibasi koma chofanana nayo pa mfundo imodzi: chaima pamene chimayenera kuyenda, ndipo palibe amene akufuna kuvomera kuti chafa.

Umu ndi mmene yathu inayendera.

Patapita masiku khumi, tili kunyumba kwake madzulo, mpunga uli pa kuka, magetsi anazima. Mumdima muja, m'malo modandaula, ndinanena ndi mawu aulemu ngati a kondakitala kuti, "Ayi amayi, sanazime. Akungoganiza." Anaseka mpaka kukhala pansi. Taonani zimene zinachitika apa. Madzulo amene akanakhala a kung'ung'udza, kufunafuna makala ndi kukangana za amene anaiwala kugula kandulo, anasanduka athu. Tinayatsa mbaula tikusekabe.

Ulendo wotsatira anadzutsa ndi iye. Tinali pa mzere wa makina otulutsa ndalama kumapeto kwa mwezi, munthu wa patsogolo akumenyamenya mabatani, makina ali duu. Anandikodola ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Musawasokoneze, ali m'maganizo." Sanabwereze mawu anga. Anawapinda, n'kuwapatsa makinawo ulemu wa "a". Nthabwala ikayamba kusintha maonekedwe chonchi, dziwani kuti yamera mizu.

Kenako inakwera pa anthu. Msuweni wanga anali atalonjeza kundibwezera ngongole kwa miyezi itatu. Bwenzi langa likafunsa kuti, "A suweni aja bwanji?" ine ndinkangoti, "Akuganizabe." Tsiku limene ndalamayo inalowa ndinamutumizira uthenga wa mawu atatu: "Amaliza kuganiza. Aleluya."

Mwaona kuti ulendo uliwonse inkapita patali pang'ono ndi pomwe inachokera: galimoto, magetsi, makina, munthu. Mtunda umenewu ndi umene umaseketsa. Ukachepa, nthabwala imakhala yodziwikiratu. Ukatalika kwambiri, mnzanu sagwira, ndipo mumayamba kufotokoza, komwe ndi kuipha. Mukaponya iye n'kuti "chiyani?", musalimbane nazo. Nenani kuti "palibe, zandithawa", mupitirize nkhani ina. Mpata wina udzabwera.

Kangati? Nthabwala imodzi isapitirire kamodzi pa sabata, ndipo kamodzi pa masabata awiri n'kwabwino koposa. Mukakhala ndi zitatu kapena zinayi zamoyo, zimapumitsana zokha. Mipata yambiri yoidzutsa muziilola kudutsa. Pa mipata itatu, tengani umodzi, umene uli wabwino kwambiri. Nthawi zina kuyang'anizana chabe, nonse mukudziwa kuti apa pakanalowa "ikuganiza" koma palibe waitchula, kumakoma kuposa kuinena.

Chachisanu: phunzirani kulandira

Anthu amene amadziona ngati anthabwala, makamaka ife amuna, timavutika apa. Timafuna kukhala oponya nthawi zonse. Mnzathu akaponya yake timaikonza ("ayi, sananene choncho, anati…") kapena kuthamangira kuikapo ina yoposa. Mukatero kawiri katatu, iye amasiya, ndipo nthabwala ija imasanduka chionetsero cha munthu mmodzi.

Akaidzutsa, ikani foni pansi, muyang'aneni, sekani ngati yakusekesani. Ngati mungathe, onjezani kanthu kakang'ono kamene kakukweza yakeyo. Pa makina a ndalama paja ndinangoyankha kuti, "Maganizo ake ndi a kumapeto kwa mwezi, ozama." Basi. Ngakhale nthabwala yake itakhala yofooka, ilandireni. Chimene akunena pansi pake n'chakuti "ndikukumbukira, ndipo ndili nawe", ndipo mawu otero sayankhidwa ndi "mmm" maso ali pa mpira.

Apa palinso muyeso wodalirika wodziwira ngati nthabwala ndi yanu nonse. Werengani maulendo asanu omaliza amene yatchulidwa. Ngati onse asanu munayambitsa ndi inu, si ya awiri, ndi yanu nokha, ndipo mnzanu akungokupirirani. "Ikuganiza" ankaiyambitsa iye mwina kuposa ine. "A Mchere" sanaitchulepo n'kamodzi komwe. Ndikanawerenga msanga, sindikanafika pochititsa munthu manyazi pamaso pa anzanga.

Chachisanu ndi chimodzi: pafoni ndi pagulu

Pafoni ndi pamene nthabwala izi zimagwira ntchito yaikulu, chifukwa ndi pamene chibwenzi chimauma msanga. M'malo mwa "uli bwanji" wachisanu pa tsiku, jambulani chinthu. Mwaona lole yafa pamsewu, masamba a mitengo ataikidwa kumbuyo kwake ngati chenjezo? Tumizani chithunzi popanda mawu alionse. Iye amaliza yekha. Uthenga wotere umamuuza kuti munamukumbukira pakati pa tsiku lanu, ndipo sufuna bandulo yambiri. Kwa amene mnzawo ali kutali, kaya ku Joni kaya ku sukulu, njira iyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa simukutola zatsopano limodzi ndiye zakalezo ziyenera kusamalidwa.

Chenjezo n'lakuti zolemba zilibe nkhope. Ngati nthabwala yanu imadalira kamvekedwe ka mawu, monga yathu imene imafuna ulemu wabodza wa kondakitala, jambulani mawu m'malo molemba. Ndipo ngati simukudziwa kuti tsiku lake likuyenda bwanji, yambani mwafunsa. Nthabwala yofika pamene munthu wangokalipiridwa ndi bwana, kapena ali ku chipatala ndi wodwala, imaoneka ngati simusamala.

Pagulu lamulo ndi lina. Ikhale yobisika moti ena asadziwe n'komwe kuti padutsa kanthu. Tsiku lina tinapita kukaona azakhali ake. Atafunsa za mchimwene wake amene wakhala zaka akunena zokwatira, bwenzi langa linayankha mwaulemu wonse kuti, "Akuganizabe, azakhali." Azakhali anagwedeza mutu n'kunena kuti inde, ukwati umafuna kuganiza. Ine ndinamwa madzi kuti ndisaphulike. Palibe amene ananyozeka, palibe amene anamva kuti wasalidwa. Zikanakhala kuti tinayamba kukhikhitika awiri pamaso pa akulu, likanakhala mwano, ndipo ine mlendo ndikanatuluka ndi mbiri yoipa. Anzanu akakufunsani kuti mukuseka chiyani, mutha kuwafotokozera ngati wolipira si mnzanuyo, koma dziwani kuti nthabwala ikalowa m'gulu imakhala ya gulu. Zina zisungeni.

Chachisanu ndi chiwiri: musabisemo dandaulo

Nthabwala yabwino itha kusanduka mpeni popanda kusintha liwu ndi limodzi lomwe. Tsiku lina ndinamutumizira uthenga m'mawa, mpaka madzulo osayankha, koma ndikuona kuti akulowa pa WhatsApp. Mtima unawawa. M'malo monena kuti zandiwawa, ndinalemba kuti, "Foni ikuganiza?" ndi kankhope koseka. Anayankha kuti, "Ngati uli ndi mawu, ungonena."

Ankanena zoona. Ndinatenga chinthu chathu n'kumulasa nacho, kwinaku ndikudzisiyira pothawira poti "ndimangocheza". Kwa masabata angapo pambuyo pake liwu lija linali ndi kafungo. Ndikalitchula ankayamba wandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka kapena ndikumunena. Kuti mudzigwire musanalakwe, dzifunseni funso ili musanaponye: akapanda kuseka, ndikhumudwa chifukwa nthabwala yalephera, kapena chifukwa uthenga wanga sunafike? Ngati pali uthenga, unene poyera: "Ukakhala chete tsiku lonse ndimada nkhawa, ungondiuza kuti watanganidwa." Ndi mawu osakoma kunena, koma sawononga kanthu.

Pa mkangano weniweni, nthabwala ili ndi malo ake, koma ndi kumapeto. Mnzanu akadali kufotokoza chomwe chamupweteka, kuseka kulikonse kumamveka ngati mukuchepetsa nkhani yake. Dikirani amalize, vomerani mbali yanu, pepesani ndi mawu enieni. Mukaona kuti mapewa atsika ndipo mawu afewa, pamenepo mutha kuponya, ndipo wolipira akhale inu. Pa nkhani ina imene ndinachedwa masiku awiri kupepesa, nditamaliza kupepesako anandifunsa kuti, "Nanga masiku onsewa unali kuti?" Ndinati, "Sindinawonongeke amayi, ndimangoganiza." Anayesa kuumitsa nkhope koma inakana. Ndikanayamba ndi mawu amenewo ndisanapepese, bwenzi nditabwerera pakhomo.

Chomaliza: ina ikafa, ikwirireni

Si nthabwala zonse zimene zimakhalitsa. Pa khumi zimene mungatole, mwina ziwiri kapena zitatu n'zimene zidzaone chaka. Zizindikiro za yakufa n'zosavuta kuona: mnzanu amaseka ndi mphuno chabe, amamaliza mawu anu mofulumira ngati akufuna zithe, kapena amayankha "eya eya" n'kusintha nkhani. Mukaona izi kawiri motsatizana, isiyeni kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ina imadzuka yokha tsiku lina mnzanu ataitulutsa mosayembekezereka, ndipo imakoma ngati yatsopano. Ina sidzukanso, ndipo palibe chifukwa choilirira. Imene mnzanu wanena poyera kuti sakuifuna, monga "a Mchere", imeneyo musaipumitse. Ikwirireni, ndipo musadzaiyese ngakhale patapita chaka kuti muone ngati yapola.

Mukapeza kuti nthabwala zanu zonse ndi za miyezi iwiri yoyambirira, vuto si nthabwala. Ndiye kuti mwasiya kupita kumalo kumene zimatoledwa. Kukhala pa mpando womwewo kuonera filimu Loweruka lililonse sikubala mawu atsopano. Pitani kumsika umene simunapiteko, yesani kuphika chinthu chimene nonse simuchidziwa, kaonereni mpira wa m'dera pabwalo lafumbi, perekezanani ku chinkhoswe cha mnzanu. Sankhani zinthu zimene zili ndi mpata wosokonekera pang'ono komanso zokhala ndi anthu olankhula, chifukwa mawu ngati a kondakitala uja simungawapeze muli awiri m'nyumba.

Imene yakhalitsa mutha kuipatsa thupi, koma kamodzi kokha. Chibwenzi chathu chitakwana chaka, ndinapita kwa osindikiza mawu pa makapu ndi malaya, n'kulembetsa liwu limodzi pa kapu yoyera: "Ndikuganiza." Wosindikizayo anafunsa ngati sindinaiwale mawu ena kumapeto. Ndinati ayi, ali choncho. Bwenzi langa litatsegula pepala linaseka kaye za minibasi, kenako linakhala chete, n'kufunsa kuti, "Ukuganiza chiyani?" Ndinamuuza kuti amwe tiyi kaye, injini ikalira ndimuuza.